Apu ikati SUCCESS, ndalama sinalowe

"Abale, ndikulumikiza malipiro a pafoni mu apu yanga. Kasitomala akadina kulipira, apu ikulandira yankho la `SUCCESS`. Ndingamupatse katundu pomwepo, kapena pali china choti ndidikire ku seva?"

Achimwene, musayerekeze n'komwe. Nditangowerenga apa mtima wanga wachita myuu, chifukwa dzenje limeneli ndinagweramo ine ndipo mpaka lero chimandiwawa.

Ndinapangira bwana wina apu yogulitsira mavocha a wayifayi. Munthu amasankha vocha, kulemba nambala yake, kudina, kenako pafoni pake pamatuluka kauthenga kofunsa pini. Apu inkalandira yankho lotere:

```json
{"status": "SUCCESS", "message": "Request accepted"}
```

Ine maso anangothera pa liwu la `SUCCESS` lija. Ndinalemba khodi yoti apu ikaliona iuze seva kuti itulutse vocha. Mu `sandbox` zonse zinkayenda bwinobwino, poti mmenemo munalibe munthu wokana kuika pini. Chonsecho yankho lija limangonena kuti pempho lafika ndipo kauthenga ka pini katumizidwa. Ndalama imakhala isanasunthe ngakhale pang'ono. Munthu angathe kukana, kulakwitsa pini, kupezeka kuti mu akaunti mulibe zokwanira, kapena kungoisiya foniyo mpaka nthawi itatha. Pa zonsezi apu yanga inali itapereka kale vocha.

Patatha milungu itatu, Lachisanu usiku, bwana uja anandiimbira. Analibe moni. Anangoti anthu adzaza pa wayifayi koma ndalama sakuiona. Ndinatsekula databesi ndili pa bedi, n'kuwerenga mavocha otuluka, 412. Kenako ndinatsitsa sitetimenti ya kampani ya malipiro n'kuwerenga olipiridwa, 160. Ndinawerenga kachiwiri poganiza kuti ndaphonya tsamba. Nditasanja mizere potsata nambala za foni, m'pamene manja anayamba kunjenjemera. Nambala imodzi inatenga mavocha 27 popanda kulipira ngakhale kamodzi, ena motsatizana pa mphindi imodzi yomweyo. Wina anazindikira kuti ukakana kauthenga ka pini vocha imabwerabe, n'kuuza anzake, anzakewo n'kuuzanso ena. Ndikuyang'ana chomwecho mzere watsopano unalowa, nambala yomwe ija. Ndinazimitsa seva yonse usiku umenewo, olipira moona mtima nawo n'kuvutikira momwemo, ndipo sindinagone mpaka kunja kunayera.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi kampani ya malipiroyo. Chitsanzo cha m'malangizo awo chinkathera pa yankho lomwe lija, pomwe nkhani ya `callback` anaibisa patsamba lina kutali. Munthu wolemba `SUCCESS` pa chinthu chimene sichinathe amafuna tiziganiza chiyani? Nditawaimbira anandizunguza masiku anayi, uyu kundipereka kwa uyo, mapeto ake n'kundiuza kuti vuto lili kwanga. Bwana uja naye, yemwe ankandithamangitsa tsiku ndi tsiku kuti apu ituluke msanga, ndiponso anakana kuti tiyese kaye ndi ndalama zenizeni kwa sabata imodzi, anandidula malipiro anga omaliza n'kumauza anthu kuti ndinagwirizana ndi akubawo. Mawu amenewo anandipweteka kuposa ndalamayo.

Mmene ndinakonzera ndi motere. Apu sinenanso kanthu pa nkhani ya ndalama. Imangouza seva kuti munthu uyu akufuna vocha yakuti. Seva ndi imene imayang'ana mtengo mu databesi, kulemba oda yokhala ndi `ref` yakeyake pa `PENDING`, kenako n'kutumiza pempho ku kampani. Mtengo usachokere ku apu, chifukwa foni ili m'manja mwa kasitomala ndipo wodziwa angasinthe pempholo n'kuika `amount` ya 1. Kiyi wachinsinsi nayenso azikhala ku seva kokha. Fayilo ya APK imatsekulika mosavuta, chilichonse mwaikamo chiwerengeni kuti chaonedwa kale.

Munthu akaika pini, kampani imagogoda pa adiresi ya `callback` imene munawapatsa. Adiresi imeneyi ili poyera pa intaneti, aliyense angatumizepo uthenga wonama kuti oda yakuti yalipiridwa. Ndiye ngati kampani yanu imasayina mauthenga, ambiri amagwiritsa ntchito HMAC-SHA256, werengerani siginecha yanu n'kuiyerekeza ndi yawo. Muwerengere pa uthenga mmene wafikira, musanausandutse JSON, chifukwa kampata kamodzi kakasintha siginecha sigwirizananso. Apa ndinataya tsiku lathunthu. Zikagwirizana, seva ifunsenso yokha ku kampani za `ref` imeneyo, n'kuona kuti yalipiridwadi, kuti kuchuluka kwa ndalama ndi mtundu wake zikufanana ndi zimene zili pa oda. Chimodzi chikasiyana, vocha isatuluke, odayo muiike pambali kuti munthu aione ndi maso.

Ndinkayesa ndamaliza, koma sabata yotsatira kasitomala wina analandira mavocha awiri atalipira kamodzi. Seva yanga inkachedwa kuyankha chifukwa inkayamba yatumiza vocha, kampani n'kuganiza kuti uthenga sunafike, n'kuutumizanso. Makampani ambiri amabwereza choncho akapanda kulandira `200` msanga. Mankhwala ake ndi kamzere aka:

```sql
UPDATE orders SET status = 'PAID'
WHERE ref = ? AND status = 'PENDING';
```

Ikasintha mzere umodzi, tulutsani katundu. Ikapanda kusintha kanthu ndiye kuti oda ija inachitidwa kale, ingoyankhani `200` basi. Musawerenge kaye kenako n'kulemba padera, chifukwa mauthenga awiri akafika limodzi onse aona `PENDING`. Ndipo kutumiza vocha kuzichitika mutayankha kale.

Palinso tsiku limene `callback` sibwera n'komwe, mwina seva yanu inali pansi kapena satifiketi ya HTTPS inatha. Kasitomala wadulidwa ndalama, oda ikadali pa `PENDING`, ndipo amene akutukwanidwa ndinu. Ikani `cron` yoti mphindi zingapo zilizonse izitenga maoda okhalitsa n'kufunsa ku kampani. Musathamangire kulemba `FAILED` chifukwa choti nthawi yatha kumbali yanu. Kusayankhidwa sikutanthauza kuti ndalama sinadulidwe, ndipo mukamuuza munthu kuti zakanika alipiranso kachiwiri.

Komabe apu musaitaye kunja kwenikweni. Izifunsa seva yanu masekondi angapo alionse n'kumuonetsa munthu kuti tikudikira pini yanu, apo ayi amadina kulipira katatu. Ndipo ngakhale ndawadandaula chonchi a kampani aja, pezani nambala ya munthu mmodzi wa zaukadaulo kumeneko musanayambe kugulitsa, muzilankhula naye bwino. Amene anandithandiza pa siginecha ija anali wa komweko. Mumufunse mndandanda wonse wa mayankho a `status`, akuuzeni ati ndi omaliza ndi ati ongodutsa, poti mayina ake amasiyana kampani ndi kampani. Kenako tengani foni yanu, ikani ndalama pang'ono, muyese kukana pini, kuilakwitsa, ndi kuzimitsa netiweki pakati pa malipiro. Pa chilichonse mwa zitatuzi, mukaona katundu watuluka musaitulutse apuyo.