Masamba 60 pa positala imodzi

"Achimwene, ndili chaka chachinayi ku Mzuni. Lipoti la kafukufuku wanga wa madzi a m'zitsime lili ndi masamba 60, ndipo andiuza kuti ndikonze positala ya A0 ya kumsonkhano wa ophunzira. Zonsezi zikwanapo bwanji?"

Sizikwana achemwali, ndipo musazikakamize. Munthu wodutsa pa positala yanu amakhala ali chiimire, mwina kapu ya tiyi ili m'manja, maso ali kale pa positala ya mnzanu. Chimene angatolepo ndi chiganizo chimodzi ndi chithunzi chimodzi basi.

Chiganizocho ndi mutu wanu. Tiyerekeze kuti munayeza zitsime 30 ku Chibavi, 18 n'kupezeka ndi tizilombo ta E. coli. Ambiri angalembe mutu wakuti "Kuunika ukhondo wa madzi a m'zitsime mumzinda wa Mzuzu". Mutu wotere ukungonena zimene munapita kukachita, zimene munapezazo wazibisa. Lembani kuti "Zitsime 18 mwa 30 ku Chibavi zili ndi E. coli". Apo ngakhale wothamangira kunsima wamva.

Pansi pake, pakatikati, pakhale girafu imodzi yaikulu. Ngati munapeza kuti zitsime zoyandikana ndi zimbudzi ndizo zoipitsitsa, mizati iwiri yakwana: zapafupi ndi zakutali. Mzati wa zapafupi ukhale wofiira, winawo wotuwa, manambala alembedwe pamwamba pa mzati uliwonse kuti munthu asavutike kulondola ndi chala. Onjezani kamzere konena kuti malinga ndi bungwe la zaumoyo la WHO, m'mamililita 100 a madzi akumwa musamapezeke E. coli ngakhale pang'ono, poti si onse adzabwerewo amene amadziwa zimenezi. Matebulo a pulogalamu yowerengetsera ya SPSS aja asiyeni mu lipoti. Ndikudziwa munawakhetsera thukuta, koma palibe amawerenga tebulo ali chiimire. Njira imene munatsata ifotokozeni m'mizere inayi kumbali, zotsalazo mudzayankha pakamwa.

Mu PowerPoint, yambani mwakonza kukula kwa tsamba musanaikepo kanthu: Design, Slide Size, Custom Slide Size, mulembe 84.1 cm m'lifupi ndi 118.9 cm m'litali. Mukasintha pomaliza, zonse zimabalalika. Zilembo za mutu zikhale za saizi 90 kapena kuposa, mawu wamba asatsike pa 28.

Musanawononge ndalama kosindikiza m'tauni, sungani ngati PDF n'kusindikiza kaye pa A4. Pepala la A4 limachepetsa A0 kanayi mbali iliyonse, choncho saizi 28 imasanduka 7. Mawu amene akukuvutani kuwerenga papepalapo adzavutanso munthu woima patali ndi positala. Kenako mupatse mnzanu wa kosi ina pepalalo, alione masekondi 10, mulilande, mumufunse zimene munapeza. Akayamba ndi "zokhudza madzi...", bwererani kumutu.

Ine yanga yoyamba inawonongeka ndi chithunzi cha chitsime chimene anachita kunditumizira pa WhatsApp. Pa laputopu chinkaoneka bwino, papepala lalikulu chinatuluka timabokosi tokhatokha. Chanu chitengeni mufoni ndi chingwe, ndipo muchione mu PDF pa 100% musanalipire.