Kalendala ya masabata anayi kwa telala wopanda nthawi

"Ndimasoka ndekha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Anthu akundiuza kuti ndiziika ntchito zanga pa intaneti mwadongosolo. Ndingakonze bwanji kalendala ya mwezi wonse, nthawi yake ndilibe?"

Achemwali, funso lanuli landifika pamtima. Inenso ndine telala, ndipo munthu wina wodziwa zamalonda anandilangizapo kuti ndiziika chithunzi tsiku lililonse, kanema kawiri pa sabata. Ndinangomuyang'ana. Anali asanagwirepo lumo, samadziwa kuti diresi ya ukwati ikakhala yofunika mawa, foni umaiwala komwe waisiya. Malangizo otere ndi a anthu okhala ndi antchito. Telala amene amadula yekha, kusoka yekha, kusita yekha, akawatsata amatopa sabata yachiwiri, tsamba lake n'kukhala zii.

Ena akatopa amayamba kutola zithunzi za madiresi a eni pa intaneti. Izi ndimadana nazo kwambiri. Kasitomala amabwera ndi chithunzicho, iwe n'kusoka, iye n'kuona kuti mapewa sanakhale chimodzimodzi, mkangano uja wayamba. Kuli bwino chithunzi cha siketi wamba yomwe mwasoka nokha, mpendero wake wowongoka ukuoneka bwino. Ndipo chonde muzisita musanajambule! Chovala chamakwinya chimaoneka ngati chosokedwa molakwika ngakhale mutachisoka mwaluso. Chipachikeni pafupi ndi zenera, kuwala kuzichokera kumbuyo kwanu, ndipo dulani tiulusi totsalira, chifukwa kamera satibisa.

Vuto lina n'lakuti chovala chikatha chimanyamuka. Mukati ndijambula mawa, mwini wake wachitenga kale. Ine ndimajambula ndikangochotsa simbi, ndipo kasitomala ndimamupempha chilolezo tsiku lomwe ndikumuyeza. Akakana nkhope, ndimajambula chovala chokha.

Kalendalayo

Katatu pa sabata n'kokwanira, zonse pamodzi 12. Lolemba ikani chovala chomalizidwa. Lachitatu onetsani ntchito ili mkati: kuika zipi, kudula nsalu, kapena thalauza lisanachepetsedwe ndi litachepetsedwa. Lachisanu yankhani funso limodzi lomwe makasitomala amakufunsani kawirikawiri. Sabata yoyamba, mamita a nsalu ofunika pa diresi yayitali. Yachiwiri, chifukwa chake nsalu ya thonje imafunika kuichapa isanadulidwe, poti imafota. Yachitatu, masiku omwe munthu ayenera kubweretseratu nsalu mwambo usanafike. Yachinayi, nenani kuchuluka kwa zovala zomwe mungalandirebe mwezi wamawa.

Lembani zimenezi m'kope lanu la miyezo. Patulani ola limodzi pa sabata, mulembe mawu a zithunzi zitatuzo, n'kuzikonzeratu pa pulogalamu ya Meta Business Suite kuti zizituluka zokha pa tsamba lanu la Facebook. Za pa Status ya WhatsApp zimafufutika pakatha maola 24, choncho musaziwerengere m'kalendala. Mwezi ukatha, onani chomwe chinachititsa anthu kufunsa mtengo, osati chomwe anangochikonda, n'kuchibwereza.