Mashifiti a anthu odzipereka pa mwambo wa masiku awiri

“Tili ndi mpikisano wa makwaya ku Salima Loweruka ndi Lamlungu. Odzipereka alipo 30, malo osafunika kusiyidwa ndi 5. Tiwagawe bwanji?”

Achimwene, werengani mipata yofunika munthu musanalembe dzina lililonse. Ngati mukuyamba 7 koloko m'mawa n'kuweruka 5 koloko madzulo, dulani tsiku pawiri, kusinthana kukhale 12 koloko. Ndi dzuwa la ku Salima, musaimike munthu pageti kupitirira maola 5. Malo 5, anthu awiriawiri, mashifiti awiri: mipata 20 patsiku, 40 masiku onse. Anthu 20 agwire shifiti imodzi tsiku lililonse. Otsala 10 musawapatse malo. Akhale apadera, 5 Loweruka, 5 Lamlungu, otseka mipata wina akapita kukadya kapena akapanda kubwera.

Pamene zimasokonekera kwambiri ndi posinthana. Wam'mawa akaona nthawi yakwana amangonyamuka, chonsecho womulandira akadali pamzere wa nsima. Choncho olowa masana adyeretu, afike mphindi 15 nthawi isanakwane, ndipo wotuluka asachoke asanapereke m'manja makiyi, matikiti kapena kaundula. Mungodziwa kuti zavuta mukaona mlonda wapageti akulozeranso anthu kosambira m'manja.

Lamlungu m'mawa ambiri amakhala kutchalitchi, ndiye funsiranitu amene angapezeke. Amene amapemphera Lachisanu kapena Loweruka angathandize pamenepo. Ndandanda muimate pakhomo, pakhale nambala ya woyang'anira mmodzi.

Koma pachithandizo choyamba musaikepo munthu wosaphunzira ntchitoyo. Kambiranani ndi azaumoyo, ndipo za chitetezo cha khamu dziwitsani apolisi.