Komishoni ikhale pa phindu, osati pa ndalama zolowa m'kabati

"Ndili ndi mashopu atatu a golosale ku Katoto, ku Luwinga ndi ku Chibavi, ndipo ndikufuna kutsegula yachinayi ku Ekwendeni. Ogulitsa ndimawapatsa komishoni ya K2 pa K100 iliyonse imene agulitsa. Malonda akwera, koma ndalama yotsala kwa ine ikuchepa, ndipo a ku Chibavi akudandaula kuti anzawo a ku Katoto ndikuwakondera. Ndikonze pati?"

Mayi, antchito anuwo akuchita zimene ndalama yanu ikuwauza. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Tiyerekeze kuti shuga amene mwaoda K950,000 mumamugulitsa K1,000,000. Phindu ndi K50,000, komishoni ndi K20,000, inu mwatsala ndi K30,000. Tsopano wogulitsa wamuchotserako kasitomala wogula zambiri K3 pa K100 iliyonse kuti asapite kwina. Zolowa ndi K970,000, phindu latsika kufika pa K20,000, koma komishoni yake ndi K19,400. Iye wataya K600 yokha. Inu mwatsala ndi K600 yolipirira lendi, magetsi ndi galimoto yobweretsa katundu. Munthu wanzeru aliyense pamalo pake angatsitse mtengo, ndipo angalimbikire shuga ndi mafuta ophikira zimene zimatuluka msanga, n'kusiya mafuta odzola kapena mabeseni zimene phindu lake n'lokulirapo.

N'chifukwa chake ine ndimati werengerani pa phindu: mtengo wogulitsira kuchotsapo mtengo wooda. Ndipo shopu iliyonse ikhale ndi cholinga chakechake. Madandaulo a ku Chibavi ndi oona, chifukwa malo odutsa anthu ambiri amagulitsa okha ngakhale wogulitsa atangokhala pampando. Cholinga cha mwezi chichokere pa phindu la shopu yomweyo mwezi womwewo chaka chatha, mutakweza molingana ndi mmene mitengo yoodera yakwerera. Kukwezaku musakuiwale. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera, ndipo cholinga chakale chikanatha kukwaniritsidwa katundu wotuluka asanawonjezekeko n'komwe. Nyengo nayo imasinthasintha malonda kuno. Juni, alimi a fodya ali ndi ndalama za ku okushoni, sangafanane ndi Febuluwale, ndipo ku Luwinga mumadziwa nokha mmene kumazizirira ophunzira a ku Mzuni akatsekera.

Nachi chitsanzo cha mwezi umodzi. Cholinga cha ku Chibavi ndi phindu la K3,000,000. Bonasi iyambire pa K2,700,000, magawo asanu ndi anayi mwa khumi a cholingacho. Shopu yapeza K3,400,000, koma powerenga katundu kumapeto kwa mwezi mwapeza kuti wa K100,000 wasowa kapena wadutsa tsiku lake. Chotsani, patsala K3,300,000. Zopitirira poyambira paja ndi K600,000, ndipo ngati munagwirizana za K20 pa K100, thumba la antchito ndi K120,000. Ngati alipo anayi, woyang'anira atenge magawo awiri, K48,000, atatu enawo K24,000 aliyense, amene anajomba n'kumuchepetsera malinga ndi masiku.

Thumbali likhale la onse chifukwa mu golosale kasitomala sakhala wa munthu mmodzi. Komishoni ya aliyense payekha imachititsa kuti onse aunjikane pakauntala, wopanga mashelefu ndi wotsitsa katundu n'kusowa. Ndipo ndayambira pansi pa cholinga mwadala. Bonasi imene imabwera yonse pokhapokha cholinga chikakwana imawononga masiku omaliza a mwezi. Amene aona kuti safika amagwa ulesi, kapena amasunga oda yaikulu kuti ilembedwe mwezi wamawa. Amene atsala pang'ono amakongoza katundu kwa achibale kuti nambala ikwane. Apa lamulo likhale limodzi: ngongole siwerengedwa mpaka ndalama italowa. Mukaona malonda akudumpha masiku atatu omaliza kenako katundu akubwezedwa sabata yoyamba, kapena buku la ngongole likunenepa, dziwani kuti pali amene akusewera ndi manambala.

Za katundu wosowa, chotsani pa phindu lowerengera bonasi basi. Malipiro a pamwezi musawakhudze, chifukwa lamulo la ntchito la 2000 limaika malire pa zimene bwana angadule, ndipo bonasi silowa m'malo mwa malipiro ochepetsetsa amene boma limakhazikitsa. Bonasiyo idutsenso m'buku la malipiro, msonkho wa MRA uchotsedwe.

Ku Ekwendeni mulibe chaka chatha chofanizira, choncho musaike cholinga chongoganizira. Miyezi itatu yoyamba perekani ndalama yokhazikika yolumikizidwa ndi zinthu zooneka, monga kabati kugwirizana ndi malisiti tsiku lililonse ndi katundu kukwanira powerenga. Cholinga chidzachokere pa miyezi imeneyo. Onaninso ngati ena mwa makasitomala a ku Luwinga anali ochokera ku Ekwendeni. Ngati anali, tsitsani cholinga cha ku Luwinga, apo ayi mudzalanga anthu chifukwa cha shopu imene mwatsegula nokha.

Musanasiye njira yakale, yendetsani ziwiri zonse papepala kwa miyezi iwiri, antchito aziona zimene akanalandira uku ndi uku. A ku Katoto mwina adzatsika, ndiye akhalitseni pansi muwaonetse mawerengedwe a shuga aja. Zimenezi zikutanthauza kuti phindu la shopu muziliwulula kwa iwo sabata iliyonse, lolembedwa ku sitolo kumene onse amalowa.