Soya wa phala la mwana sagayitsidwa wosaphika

Funso: "Azimayi anzanga ndithandizeni. Mwana wanga ali ndi miyezi 7. Phala la m'mabokosi landikanika mtengo, ndiye ndinagula chimanga, soya ndi nsawawa ku Soweto n'kukagayitsa zonse pamodzi. Koma akangodya mimba imafufuma, usiku kulira, nthawi zina kutsegula. Ufa nawonso wayamba kafungo patangotha masabata awiri. Ndalakwitsa pati? Ndili ku Chawama."

Amake mwana, pepani ndi tulo tomwe mwataya. Simunanene kuti soyayo munamukazinga, ndiye ndikuganiza kuti anapita kuchigayo momwe anachokera pamsika. Ngati ndi choncho, vuto lalikulu lili pomwepo. Inenso zinandigwera pa mwana wanga woyamba, apongozi anga ochokera ku Katete ndi amene anandiwongola atangonunkhiza ufa.

Soya si nyemba wamba. Akakhala wamuwisi amakhala ndi zinthu zimene zimatchinga ntchito ya timadzi ta m'matumbo togaya chakudya chomanga thupi. Ndiye mwana adya ndithu, koma mimba imavutika nacho chakudyacho, mpweya n'kudzaza, zina n'kungodutsa. Chimene chimapha zinthu zimenezi ndi moto wokwanira, ndipo kabwatidwe ka phala ka mphindi zisanu pambaula yomwe makala akutha sikakwanira. N'chifukwa chake ntchitoyi imachitika mbewu isanafike kuchigayo.

Njira zake ndi ziwiri, ndipo ine ndimasankha potengera nyengo. Dzuwa likakhala la mu Seputembala kapena Okutobala, ndimasankha soya kuchotsa miyala ndi wofumbwa, n'kubwatitsa madzi kaye, kenako n'kumathira soyayo pang'onopang'ono kuti madzi asasiye kubwata. Musamuviike m'madzi ozizira poyamba, chifukwa ndi pamene kamadzuka kafungo ka nyemba yaiwisi kamene ana amakana. Abwate theka la ola. Mukatero mutsanulire m'madzi ozizira, mufikise ndi manja, makoko ayandama okha, muwataye. Yanikani pamphasa yoyera masiku awiri kapena atatu mpaka njere izilira mukailuma. Nthawi ya mvula njira imeneyi ndi yoopsa, soya amachita chuku asanaume, ndiye ndimangokazinga. Moto ukhale wapakati, chiwaya chisadzaze, dzanja lisapume kutakasa, kwa mphindi ngati 20. Makoko akayamba kung'aluka ndipo fungo lasanduka la nsawawa yokazinga, tengani njere imodzi muiswe. Mkati muzikhala mofiirira pang'ono mpaka pakati. Ngati kunja kwada koma mkati ndi moyera, moto unachuluka ndipo soyayo ndi wamuwisibe. Akazizira mukonole pang'ono mumtondo n'kupeta makoko.

Tsopano muyeso. Phala la Likuni lija la ku Malawi, limene linatenga dzina la chipatala cha mishoni cha pafupi ndi Lilongwe, maziko ake ndi magawo anayi a chimanga pa gawo limodzi la soya. Ndi muyeso womwewo umene ndimatsata. Chitini chilichonse chimene muli nacho, yezerani zinayi za chimanga, chimodzi cha soya wokonzedwa kale. Ambiri amaganiza kuti kuchulukitsa soya n'kuchulukitsa thanzi, amathira theka ndi theka, mwana n'kukana kapena mimba n'kudandaula. Gawo limodzi lija likukwana: pa magalamu 100, chimanga chili ndi chomanga thupi cha magalamu ngati 9, soya ngati 36, ndiye mukasakaniza anayi pa limodzi mumafika pafupifupi 14. Komanso chomanga thupi cha m'chimanga n'choperewera mbali ina, ndipo mbali imeneyo ndi imene soya ali nayo yambiri.

Chimangacho chikhale cha mgaiwa, chosakonola, chifukwa mafuta ndi zabwino zina zili kumtima kwa njere kumene kumapita ndi gaga. Ufa woyera wa bulekifasi ndi wokoma pansima ya alendo, koma paphala la mwana ndi wosauka. Mukapeza chimanga cha olenji chija chimene chinayamba kulimidwa muno mu Zambia mu 2012, gulani, chili ndi vitamini A. Mukafuna kuikamo mawere, chotsani chitini chimodzi cha chimanga muikepo cha mawere. Osapitirira apo n'kuyamba kuthira mpunga, tirigu, nyemba, mapira, zonse m'thumba limodzi ngati momwe ena amagulitsira. Mwana akadwala nazo simudziwa chamudwalitsa n'chiti.

Kuchigayo pitani ndi diso. Tsiku lina ndinabwerako ndi ufa wonunkha chakudya cha nkhuku chifukwa amene anali patsogolo panga amagayitsa za nkhuku zake. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndagayitsa chimanga cha nsima, cha mwana n'kutsatira pambuyo, ndipo pofika kunyumba ndimasefa, n'kuuyala kuti uzizire ndisanatsekere m'chigubu. Ufa wachigayo umatuluka wotentha, mukautsekera pomwepo umachita thukuta.

Kafungo kaja n'ka nsawawa. Pafupifupi theka la kulemera kwa nsawawa ndi mafuta, ndipo mafuta akagayidwa n'kukumana ndi mpweya ndi kutentha kwa m'nyumba za malata, amavunda msanga. Nsawawa musazigayitse pamodzi ndi zinazo. Kazingani kapu imodzi, fikisani makoko, sinjani, sefani, sungani nsinjiro m'kabotolo kotseka, ya sabata imodzi basi. Ufa wa chimanga ndi soya nawo musagayitse wa miyezi itatu. Wa mwezi umodzi ndi wokwana, ndipo mwana wa msinkhu wanuyu amangotha makilogalamu ngati awiri pamwezi, choncho gawanani ndi mnzanu wa paploti kapena ena onse m'nyumba azimwa nawo m'mawa. Umene muli nawo panowo, poti wayamba kale fungo ndipo soya wake ndi wamuwisi, musamupatsenso mwana.

Pa nsawawa pali china chimene ndimakangana nacho ndi anthu. Zonyala, zosweka, zakuda mkati, zowawa mukaluma, si za mwana. Chuku chimene chimamera pa nsawawa ndi chimanga chosauma bwino chimasiya poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Nsinjiro yogayagaya ya m'timapepala yotchipa ija simungaone kuti inachokera ku njere zotani. Gulani njere zathunthu, Chalimbana kapena mtundu wina uliwonse, mukhale pansi ndi lichero musankhe imodziimodzi. N'chimodzimodzi chimanga: chovunda ndi chofumbwa chichoke.

Koma ngakhale ufa ukhale wabwino bwanji, pamphika ndi pomwe ana ambiri amaluzira. Timapanga phala lamadzimadzi poopa kuti mwana atsamwa, ena mpaka kuboola nsonga ya botolo kuti lidutse. Taganizani: kamimba ka mwana wa miyezi 7 n'kosafika ngakhale kapu imodzi yodzaza. Mukakadzaza ndi phala la madzi okhaokha, mwana wakhuta koma sanadye. Pakatha ola akulira, kusikelo mzere wa pakhadi wagona. Phala loyenera ndi lija mukapendeketsa supuni limakakamira kaye n'kugwa mwaulesi, osati kuyenderera ngati tiyi.

Ndimaphika chonchi pa chakudya chimodzi. Supuni zazikulu ziwiri zodzaza za ufa, ndimasungunula m'madzi ozizira pang'ono, n'kuthira m'madzi obwata osakwana kapu, ngati magawo atatu mwa anayi. Ndimatakasa mpaka litayamba kuphulika, n'kuthira kasupuni ka tiyi kodzaza ka nsinjiro, kuchepetsa moto, kuvundikira, libwate mphindi 15 kapena 20. Potsiriza theka la kasupuni ka mafuta ophikira. Mafutawo amachita ziwiri: amawonjezera mphamvu popanda kudzaza mimba, komanso amafewetsa phala kuti lidutse bwino pakhosi. Limatsala ngati theka la kapu, ndipo ndiwo muyeso umene mwana wa miyezi 6 mpaka 8 amafikako pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu patsiku, bere likupitirira monga kale. Akangodya supuni zitatu n'kutembenuza mutu, musamukakamize, ndi momwe amayambira. Akafika miyezi 9 muzimupatsa katatu kapena kanayi. Mchere musathire, uchi ayi mpaka akwanitse chaka, shuga ngati simungathe kusiya ndiye kansonga chabe. Ine ndimakanya nthochi yakupsa m'malo mwake.

Ngati akulimbana nalo phala lolimba, musathamangire madzi. Amene munapangako thobwa mukudziwa zimene chimera chimachita: phala lolimba limasungunuka lokha. Tengani kachimera ka mawere kapena ka chimanga kotsina ndi zala zitatu, thirani phala mutaliphula ndipo lapolako pang'ono, takasani, dikirani mphindi zisanu kapena khumi. Lifewa mukuona, chikhalirecho ufa wonse uli momwemo. Kenako libwezereni pamoto libwatenso pang'ono, chifukwa chimeracho n'chosaphika. Cha mapira ndimachipewa kwa mwana, timizu ndi timphukira take timakhala ndi ululu.

Poti mimba yavutika kale, musabwezeretse zonse tsiku limodzi. Masiku awiri kapena atatu mupatseni la mgaiwa ndi mafuta, kenako la soya wokazinga, likakhazikika ndiye nsinjiro. Mukaona zidzolo zotupa, milomo kapena maso kutupa, kusanza atangodya, kapena kupuma movutika, siyani ndipo thamangani naye kuchipatala, chifukwa pali ana amene thupi lawo limadana ndi nsawawa kapena soya. Komanso tisanamizire soya zonse. Kutsegula kwa mwana ku Chawama, makamaka mvula ikagwa, kungachokere m'madzi, m'supuni kapena m'phala la m'mawa limene lakhala mumphika mpaka masana. Muziphika lodya nthawi yomweyo. Ngati akutsegula kambirimbiri, chimbudzi chili ndi magazi, maso alowa kapena akukana bere, zimenezo si za ufa, pitani kukiliniki lero lomwe.

Chimene phala limeneli silikwanitsa ndi ayironi, wothandiza magazi. Chimanga ndi soya zili naye, koma thupi limatengako pang'ono, pamene mwana wa msinkhu uwu amafuna wambiri. Ndiye tengani kapenta, mutsuke bwino kuchotsa mchenga ndi mchere, muyanike, mukazinge, musinje mpaka akhale fumbi, musefe kuti pasatsale kaminga. Kasupuni kamodzi kalowe m'phala likubwata. Tsiku lina menyani dzira muthire momwemo lipse bwinobwino, tsiku lina kachiwindi ka nkhuku kophika n'kukanya, tsiku lina chibwabwa chophika chosinja. Akamaliza mumupatse mango wokanya kapena papaya, zipatso zimathandiza thupi kukoka ayironi uja. Tiyi musamupatse, amatchinga. Ulendo wotsatira wa kusikelo muwauze anamwino zimene mwasintha, ndipo muyang'ane nawo limodzi ngati mzere wa pakhadi wayambanso kukwera.