Mawu a kumbuyo kwa buku: kumufikitsa wowerenga pamphambano

"Anzanga, buku langa la nthano latha, masamba 96. Osindikiza akufuna mawu oika pachikuto chakumbuyo. Ndinawatumizira tsamba lathunthu, andibwezera ati latalika. Ndichotse chiyani poti zonse n'zofunika?"

Amayi, musavutike n'kudula tsamba limenelo. Lisungeni, muyambe pepala lina. Ndikuganiza kuti mwafotokoza nkhani yonse mwachidule, pomwe kumbuyo kwa buku kumafuna china: kumufikitsa munthu pamphambano n'kumusiya pomwepo.

Tiyambe ndi malo. Ngati buku lanu ndi la A5, monga ambiri amene timasindikiza kuno ku Chipata, chikuto chake ndi masentimita 14.8 m'lifupi ndi 21 m'litali. Musiye sentimita imodzi ndi theka mbali zonse, chifukwa mpeni wodulira mapepala suyenda mofanana nthawi zonse. Pansi pamafunika malo a mtengo ndi nambala ya ISBN, yomwe imazindikiritsa buku kwa ogulitsa mabuku, ngati muli nayo. Potsalapo, ndi zilembo za saizi 11 kapena 12, mawu 70 mpaka 100 amakhala bwino. Ena adzakuuzani 150, koma iwo amawerengera Chingerezi. Mawu athu ndi ataliatali. "Sanamubwezerenso" ndi liwu limodzi koma onani malo amene ladya.

Ine ndinapsa nazo pa buku langa loyamba. Ndinalemba kuti: "Buku ili ndi losangalatsa komanso lophunzitsa. Likukamba za mavuto amene amayi amakumana nawo, ndipo pamapeto choonadi chipambana." Ndinanyamula makope 20 kupita nawo ku Mtenguleni pa Nc'wala, ndinabwerako ndi 17. Anthu ankatembenuza buku, kuwerenga, kulibwezera pamphasa. Mawu amenewo mungawamate pa buku lililonse, ndiye palibe chimene ankauza munthu. Choipitsitsa, ndinali nditaulula kale kuti zitha bwino.

Posindikizanso ndinadzifunsa mafunso atatu okha: nkhaniyi ndi ya ndani, chamugwera n'chiyani, ndipo ataya chiyani akasankha uku kapena uko. Zinatuluka chonchi:

"Misozi amagulitsa nshawa pamsika wa Katete, ndipo ndiye amasunga bokosi la ndalama za gulu la amayi. Kwatsala masabata awiri kuti agawane, apeza bokosi lathyoledwa. Pomwe limabisidwa amadziwa anthu awiri okha: iye ndi mwana wake Yohane, amene akulemba mayeso a Giredi 12 mwezi womwewo. Akanena zoona, mwana akagona m'chitokosi. Akakhala chete, atenge kaloba, ndipo chikole chimene ali nacho ndi munda wa malemu mwamuna wake."

Mawu sanafike 70. M'bukumo muli anthu 14, koma mayina ndatchula awiri. Mlamu wake wa Misozi, amene ine ndimamukonda kuposa onse chifukwa cha pakamwa pake, ndinamusiya panja, ndipo zinandiwawa. Koma munthu woima pathebulo la mabuku, njinga ikumudikira, sangasunge mayina asanu m'mutu. Dzina lachitatu likangolowa, wayamba kubwerera m'mbuyo kufufuza kuti uyu ndi ndaninso, basi mwamutaya.

Onaninso pomwe ndaimira. Zonse zimene ndatchulazo zimachitika m'mitu itatu yoyambirira. Lamulo langa ndi lakuti chochitika chilichonse chopitirira gawo loyamba mwa magawo atatu a buku chisaoneke pachikuto. Kwa inu ndiye kuti chapatsogolo pa tsamba 32 n'chinsinsi. Ndiponso sindinamalize ndi funso lija timalikonda lakuti "Kodi zitha bwanji? Werengani mumve nokha." Mukaika bwino mbali ziwiri za vutolo, funso limabadwa lokha m'mutu mwa wowerenga.

Mawu oti "nkhani yogwira mtima" achotseni. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo munthu amakhulupirira zimene wamva yekha osati zimene mwini buku wadzitama. Mbiri yanu ikhale mizere iwiri pansi, yosiyana ndi nkhani: kumene mumakhala ndi ntchito yanu. Kuthokoza abusa, aphunzitsi ndi akunyumba kupite m'kati.

Mukamaliza, pezani munthu amene sanaliwerenge bukulo, osati mnzanu wapamtima. Muwerengereni mokweza kamodzi kokha, kenako mumufunse kuti nkhaniyi ndi ya ndani ndipo ali pavuto lanji. Akalephera kuyankha, mwachulutsa anthu kapena mwalankhula zapamwambamwamba. Akayankha mpaka mathero, mwaulula zambiri. Akakufunsani kuti "Nanga anaba ndi mwanayo?", tumizani kwa osindikiza, ndipo muwapemphe kope limodzi loyesera muone ndi maso anu kuti mpeni sunadye zilembo za m'mphepete asanasindikize onse.