Kodi vayirasi ingachize chilonda chimene chakana mankhwala?

Adokotala, bambo anga ali ndi chilonda chomwe sichikupola ngakhale amwa maantibayotiki amitundu itatu. Ndinamva kuti kuli mavayirasi opha mabakiteriya. Kodi n'zoona, nanga angawathandize?

Munamva zoona. Mavayirasi amenewa amatchedwa mabakiteriyofeji, mwachidule mafeji, ndipo salimbana ndi maselo a munthu. Nthawi zambiri feji imakhala ndi kamchira komanso kamutu kosunga DNA, yomwe ndi malangizo opangira mafeji ena. Ikakumana ndi bakiteriya, imakakamira pakhungu pake, kubaya ndi kamchira kaja, n'kulowetsa DNA mkati. Bakiteriya uja amasiya ntchito zake n'kuyamba kupanga mafeji atsopano mpaka kuphulika. Feji yotchedwa T4 ikalowa mwa bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa E. coli, pomatha mphindi ngati 30 mumatuluka mafeji oposa 100, iliyonse n'kukagwira bakiteriya wina.

Chimene chakopa ofufuza n'chakuti bakiteriya amene sakumva mankhwala angathe kufa ndi feji, chifukwa kaphedwe kake n'kosiyana. Komanso feji imasankha. Antibayotiki amapha ndi mabakiteriya abwino omwe a m'matumbo, pomwe feji imagwira mtundu umodzi, nthawi zina kagulu kamodzi kokha ka mtunduwo.

Koma kusankhako ndiyenso vuto. Madokotala ayenera kutenga mafinya, kumeretsa bakiteriya wake m'kambale ku labotale, n'kudonthezapo mafeji osiyanasiyana. Pamene padontha feji yoyenera pamaoneka kadontho koyera mbee, kusonyeza kuti mabakiteriya afa. Pakapanda kuyera, fejiyo ilibe ntchito kwa wodwalayo.

Mu 2016 ku San Diego, m'dziko la America, bambo wina dzina lake Tom Patterson anali chikomokere ndi bakiteriya wotchedwa Acinetobacter baumannii, yemwe anakana pafupifupi mankhwala onse. Madokotala anam'patsa mafeji angapo osakaniza, poyamba kudzera m'timapaipi ta pamimba, kenako mumtsempha, ndipo patangopita masiku ochepa anatsitsimuka. Apa ndi pamene ndimafuna anthu azimvetsera: posakhalitsa bakiteriya uja anayamba kukananso mafejiwo, moti anachita kusaka feji ina. Maantibayotiki sanawasiye ayi, ankapereka limodzi. Patterson anachira.

Njirayi si yachilendo. Wasayansi wina dzina lake Félix d'Hérelle anafotokoza za mafeji mu 1917, ndipo ku Tbilisi, m'dziko la Georgia, bungwe la Eliava lakhala likugwira ntchitoyi kuyambira 1923. Komabe m'mayiko ambiri sinavomerezedwe ngati chithandizo cha tsiku ndi tsiku, popeza kafukufuku wamkulu woyesa odwala ambiri akadali wochepa.

Za bambo anu, musadikire mafeji. Pemphani kuti atenge mafinya akayeze ku labotale, adziwe bakiteriya amene alipo ndi mankhwala amene angamuphe. Ayezedwenso shuga ndi kayendedwe ka magazi kumiyendo, chifukwa chilonda chosapola nthawi zambiri gwero lake limakhala limenelo. Akayamba kutentha thupi, kapena kutupa kukamafalikira, apite kuchipatala tsiku lomwelo.